Tsiku Limene Ndinasandutsa Pepo Kukhala Pinki

Mlamu wanga sindinkamukonda, ndiyambe ndi kuvomera zimenezo. Palibe chomwe anandilakwira. Anali munthu wachete, mlonda wa usiku pa nyumba ina ya anthu olemera, wopita ku tchalitchi Baibulo lili m'khwapa, ndipo ine anthu achete ndimawakayikira chibadwire. Ndimati munthu akamakhala duu ndiye kuti m'kamwa mwadzaza zinthu. Mng'ono wanga atakwatiwa naye n'kukakhala ku Kanyama, komboni ina ya muno mu Lusaka, ine ndinangoti tiona.

Nthawi imeneyo n'kuti nditagwira ntchito zaka ziwiri mu labu ya kiliniki ina ya m'komboni. Kanali kachipinda kopanikiza: sinki, tebulo la simenti, maikulosikopu imodzi, ndi zenera loyang'ana pa benchi pomwe odwala ankadikira. Tinalimo awiri, ine ndi mkulu wanga pa ntchito, bambo wa ku chigawo cha Northern wa imvi mbuu amene aliyense ankamuitana kuti bashikulu, ndiko kuti agogo m'Chibemba. Anali wochedwa pa chilichonse. Ngakhale kutsegula botolo ankachita ngati akupempha chilolezo, pomwe ine manja anga anali achangu ndipo ndinkanyadira zimenezo.

Ntchito imene ndinkaidziwa ngati dzina langa inali yopaka utoto tizilombo. Mafinya akabwera, umawapaka pa kagalasi, n'kuumitsa, n'kukadutsitsa pa lawi kuti amatirire. Kenako pamabwera mabotolo anayi motsatizana. Loyamba ndi utoto wa pepo, umene umalowa m'tizilombo tonse osasankha. Lachiwiri ndi ayodini, amene amagwirana ndi utoto uja m'kati mwa kachilombo n'kupanga timibulu tikulutikulu tovuta kutuluka. Lachitatu ndi sipiriti wotsukira. Lachinayi ndi utoto wofiira. Ukayang'ana pa maikulosikopu, tizilombo tina timaoneka tapepo, tina tapinki, ndipo dokotala amayambira pomwepo poganiza za matenda ndi mankhwala ake.

Chifukwa chake ndinachiphunzira ku koleji, koma ndinachimvetsa kwa bashikulu. Iwo ankati nkhani yonse ndi khoma. Kachilombo kalikonse kali ndi khoma lokazungulira, lolukanalukana ngati ukonde. Tina khoma lake ndi lochindikala, ukonde pamwamba pa ukonde unzake kambirimbiri. Sipiriti akafika pa khoma lotere amaliyamwa madzi, limafota, timabowo take timatsekeka, ndipo timibulu ta pepo tija timatsekeredwa m'kati. Tina khoma lake ndi lopyapyala, ndipo kunja kwake kwakutidwa ndi kachikopa ka mafuta. Sipiriti amasungunula mafutawo, kaukonde kopyapyala sikangagwire kanthu, pepo yense amakokoloka, kachilombo kamatsala mbee. Utoto wofiira ukabwera ndiye umakapeza kopanda mtundu, n'kukasiya kapinki. Tapepo tija nato timalandira wofiirayo, koma saoneka pansi pa mtundu woderawo.

«Koma mayo, mvela,» ankatero akundiloza ndi chala, poti ine ankandiitana kuti mayo, ndiko kuti mayi kwawoko. «Na khoma ikulu ili na polekezela. Ukasuka maningi, kupitilila muyeso, nayo izataya pepo. Botolo yachitatu ndiye ili na milandu yonse.»

Anali ndi chizolowezi china chomwe chinkandinyansa. Asanapake utoto pa kagalasi kalikonse kofunika, ankatenga kamtengo kotokosera m'mano, n'kupala pakati pa mano ake, n'kupaka zoyerazo kumapeto kwa kagalasiko. M'kamwa mwa munthu mumakhala tizilombo ta mitundu yonse iwiri. Choncho ukayang'ana kumapetoko n'kuona pepo ndi pinki, umadziwa kuti utoto wagwira bwino ntchito. Ukaona mtundu umodzi wokha, walakwitsa penapake, yambanso. Ine ndinkati zimenezo n'zachikale, ndipo mtsikana wovala gawuni yoyera sangamatokose m'mano pamaso pa odwala. Iwo ankangoseka n'kunena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinkayankha kuti pa benchi palibe amene wabwera kudzaona nkhono.

Tsikulo linali la mu Juni, kukuzizira, ine chimfine chitanditseka mphuno. Bashikulu anali akuvala jekete kuti apite ku maliro ku Matero, ndipo ankandiuza chinachake chokhudza mabotolo. Sindinamve. Maso anga anali pa zenera, chifukwa pa benchi panali mng'ono wanga, atafungata mwana wake wa masiku asanu, mlamu ataima pambali atanyamula chikwama cha matewera. «Eya, namvela, bashikulu,» ndinatero, n'kuthamangira panja.

Ndinavundukula shawelo. Zikope za mwana zinali zitatupa, zitamatana ndi mafinya achikasu. Kamwana kokongola komwe ndinakanyamula dzanadzanali kanalibe poyang'anira. Mng'ono wanga anati zayamba dzulo, ndipo apongozi ake amuthira mkaka wa m'mawere m'maso koma sizinathandize.

Dokotala wa pa kiliniki anatenga mafinya n'kupaka pa timagalasi tiwiri. Mwalamulo sindinayenere kugwira za m'bale wanga, koma ndinali ndekha, ndipo kunena zoona sindikanalola wina. Ndinatenga kamodzi, kachiwiriko ndinakasunga m'bokosi. Pepo, kutsuka ndi madzi. Ayodini, kutsuka. Botolo lachitatu ndinathira n'kuwerenga mpaka makumi atatu monga ndinkachitira masiku onse. Utoto wofiira, kuumitsa, dontho la mafuta, diso pa maikulosikopu. Za m'mano sindinaziganizire n'komwe.

Ndinaona pinki. Pakati pa maselo a mafinya panali tizilombo tozungulira, tambiri tili tiwiritiwiri, tonse tapinki. Ndinachotsa diso, n'kupukuta, n'kuyang'ananso. Aliyense wa mu labu amadziwa tanthauzo la tizilombo tozungulira tapinki tokhala tiwiritiwiri m'diso la khanda. Ndi chinzonono. Mwana amachitenga pobadwa kuchokera kwa mayi wake, ndipo chikachedwa kuchizidwa chimaboola diso m'masiku owerengeka. Nanga mayiyo amachitenga kuti?

Mantha a maso a mwana analipo, koma ndisaname, pansi pake panali kena kake kokoma. Ndinali nditamugwira munthu wachete uja.

Ndinalemba pepala n'kukapereka. Dokotala sanachedwe: mwana anabayidwa jakisoni pomwepo, maso anatsukidwa, mng'ono wanga nayenso anabayidwa wake, chifukwa zikatere makolo onse awiri amalandira mankhwala. Mwamunayo ankayenera kuitanidwa m'chipinda, chitseko chitatsekedwa, n'kuuzidwa mwaulemu ndi anthu odziwa kuyankhula zoterezi. Koma ine ndinafika pa benchi iwo asanamuitane.

«Ba mulamu,» ndinatero, mawu ali pamwamba, «Baibulo mumainyamulila chani? Mwaona vamene mwachita ku mwana? Chinzonono, ba mulamu! Mu menso ya mwana wa masiku faivi!»

Mayi wina amene ankayamwitsa anatembenuka ndi bere lomwe. Mng'ono wanga anali atangotuluka kumene m'chipinda cha jakisoni, ndipo anaima pakhomo mwana ali m'manja.

Ndinkayembekeza kuti akana mokalipa, kapena agwetsa nkhope. Sanachite zimenezo. Anaika chikwama cha matewera pansi pang'onopang'ono, n'kundifunsa motsitsa mawu:

«Ba mulamu, matenda aya yamabwela bwanji?»

«Musanifunse monga simuziba. Yamabwela na kugona na munthu.»

«Kulibe njila inangu?»

«Kulibe.»

«Na mashini yanu sinama?»

«Sinama.»

Anagwedeza mutu. «Ine chibadwile sininazibepo mukazi winangu. Mulungu aziba. Manje ngati mashini sinama, na ine sininama...» Sanamalize. Anatembenuka n'kuyang'ana mkazi wake. «Nimagona ku nchito masiku faivi pa wiki,» anatero, ngati akuwerengera yekha.

Mwala womwe ndinaponya ndinauona ukukhota m'malere n'kukagwera mng'ono wanga. Sizinandifikepo m'mutu, ngakhale kamodzi, kuti munthuyo angakhale wosalakwa, ndiponso kuti munthu wosalakwa akauzidwa zotere amatsala ndi yankho limodzi lokha. Mlamu anatuluka pa geti osabayitsa, osatembenuka.

Pofika madzulo ndinapeza mng'ono wanga atakhala pakhomo panga ku Chawama, mwana kumsana, zovala zili m'chitenje chomanga mfundo. Apongozi ake ndi amene anamumangira. Nkhani inali itafika ku Kanyama iye asanafike, poti pa benchi paja panali anthu a mumsewu mwawo. Sanalire. Anangondiyang'ana n'kunena kuti, «Ba sisi, ine sininachite. Manje ngati si beve bamuna banga, si ine, ni ndani?» Ndinamuuza kuti amuna onse amakana. Koma mawu anga anali atayamba kupepuka, chifukwa nkhope ya mlamu pa benchi paja sinali ya munthu wogwidwa.

M'mawa mwake bashikulu anafika, n'kupachika jekete, n'kutsegula buku lolembamo zotsatira monga ankachitira nthawi zonse akajomba. Anatsetsereka ndi chala pa tsamba la dzulo, n'kubwereranso pamwamba.

«Mayo, mailo Lusaka yonse inali pinki?»

Ndinali nditapaka timagalasi tinayi tsiku limenelo. Chilonda cha mwendo, pinki. Chithupsa, pinki. Zonse pinki. Ndinali ndisanaone n'komwe kuti n'zachilendo.

Ananyamula botolo lachitatu n'kulitembenuza. Kumbuyo kwake kunali pulasitala, atalembapo ndi dzanja lawo. «Unawelenga kufika pa zingati?»

«Sate, monga masiku yonse.»

Anakhala pa situlu. «Ninakuuza mailo pochoka. Sipiliti inasila. Umu ninaikamo asetoni. Asetoni ni ukali, mayo, ni kuthila na kusuka pamene apo, masekondi yabili, yatatu. Unayankha ati namvela.»

Asetoni amanunkha ngati mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo, moti tsiku lina lililonse mphuno ikanandiuza. Koma mphuno inali yotseka, makutu anali pa benchi, ndipo pulasitala anali kumbuyo kwa botolo. Kwa masekondi makumi atatu ndinasambitsa tizilombo m'mankhwala oyenera kungotikhudza. Ngakhale khoma lochindikala bwanji silikanasunga pepo. Ndinatikolopa tonse mpaka mbee, kenako ndinatipaka pinki ndi dzanja langa.

«Mano unaikako?» anafunsa.

Ndinapukusa mutu.

«Kagalasi kachibili kaliko?»

Kanalipo, m'bokosi muja. Bashikulu anatenga kamtengo, n'kupala m'mano mwawo, n'kupaka kumapeto. Tsiku limenelo sindinanyansidwe. Anathira pepo, ayodini, kenako asetoni anangoti tha, madzi pomwepo. Anayamba kuyang'ana kumapeto kuja, n'kunena kuti mitundu yonse iwiri ilipo. Kenako anasuntha kagalasi, n'kuyang'ana nthawi yaitali, n'kudzuka kundipatsa malo.

Pepo. Pepo woderako, wooneka bwino, wosafuna kufunsa munthu. Tizilombo tozungulira ngati timikanda, tina tiwiritiwiri, tambiri titaunjikana m'magulumagulu. Ndi tizilombo wamba ta pakhungu, tomwe timayambitsa zithupsa, tomwe khanda lingatenge ku chala cha aliyense wolipukuta kumaso. Tilibe chochita ndi kugona ndi munthu. Anandiikiranso kagalasi kanga ka dzulo kuti ndifananize. Ngakhale mu pinki wanga wabodzayo zinkaoneka: ta chinzonono timakhala ngati nyemba ziwiri zoyang'anizana, pomwe iti tinali tobulungira, ndipo magulu aja analipo m'mbali, ine osawaona. Ndinaona zomwe ndinkafuna kuona.

Ndinatuluka n'kukasanza kuseri kwa thanki ya madzi.

Bashikulu sanandikalipire, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa mbama. Tinapita limodzi kwa dokotala kukakonza pepala. Odwala atatu ena aja anaitanidwanso. Mwana anamusinthira mankhwala, ndipo pasanathe sabata maso anatseguka, oyera bwinobwino. Za ine zinalembedwa, ndinalandira kalata yochenjeza, ndipo ndinaiyenera. Zonsezo zinali zokonzeka. Ndinkaganiza kuti za ku Kanyama nazonso zikonzeka chimodzimodzi, ndi pepala latsopano.

Ndinapempha dokotala kuti ayeze mng'ono wanga kuti mwamuna wake aone kuti alibe matenda. Anandiyang'ana mwachisoni. Jakisoni uja anali atabayidwa kale dzulo lake. Kaya anali nacho kaya analibe, tsopano akanapezeka wopanda kanthu, ndipo aliyense akanati ndi mankhwala achotsa. Kuyeza mlamu kukanangotsimikiza zomwe iye ankadziwa kale, zoti si iye. Umboni wonse wa mng'ono wanga unatsala pa kagalasi kamodzi kaja.

Ndinapita ku Kanyama masana a tsiku lomwelo, nthawi yomwe mlamu ankakhala atadzuka. Ndinamupeza akuchapa yunifolomu m'beseni. Ndinagwada pa dothi, ine amene ndinali ndisanamugwadirepo, apongozi a mng'ono wanga akuyang'ana pa zenera. Ndinafotokoza zonse, ndipo ndinamupempha kuti abwere adzaone yekha. Anabwera, mwina chifukwa cha ulemu chabe.

Bashikulu anamukhazika pa situlu n'kumuonetsa potsekera diso limodzi. Anamuikira kagalasi ka pinki, kenako ka pepo. Anamufotokozera za khoma lochindikala ndi lopyapyala, za mafuta osungunuka, za botolo lachitatu, mofatsa ngati mmene ankandifotokozera ine. Mlamu anamvetsera zonse. Sanali munthu wopusa, ndipo mafunso ake anali olunjika.

«So kachilombo ni kamozi, koma kangaoneke pinki olo pepo kulingana na mwamene mwasukila?»

«Ngati munthu walakwisa, eya,» anatero bashikulu. «Wa khoma ikulu angaoneke pinki ngati wasuka maningi.»

«Na wa pinki angaoneke pepo?»

Bashikulu anazengereza, koma sanali munthu wonama. «Ngati sunasuke mokwana, olo wapaka mafinya yambili pamozi, angaoneke. Ndiye chifukwa timaika va mu mano, kuti tizibe.»

«Mano yanu,» anatero mlamu.

«Yanga.»

Mlamu anatembenukira kwa ine. Panalibe ukali pankhope pake, ndipo ndikanakonda ukanakhalapo.

«Ba mulamu, mailo munali na chikayiko?»

«Iyayi.»

«Lelo muli na chikayiko?»

«Iyayi.»

«Mailo pamene inali milandu yanga, inali pinki, munakamba pa bantu bonse. Lelo yagwela mufana wanu, yasanduka pepo, mukamba mu kachipinda.» Anaima n'kubweza situlu pansi pa tebulo mwaulemu. «Utoto ni wanu, mabotolo ni yanu, mufana ni wanu. Ine nizaziba bwanji?»

Chilichonse chomwe ananena chinali choona. Ndinamuuza kuti ndipita pa benchi pomwepo kukanena mokweza kuti ndinalakwitsa, ndipo ndinapitadi, koma pa benchi panali anthu ena, osadziwa kanthu, amene anangondiyang'ana ngati wamisala. Aja a dzulo anali ku Kanyama, atafalitsa kale. Madzi akatayika sawoleka.

Mng'ono wanga anakhala kwanga miyezi inayi. Sanandinenerepo mawu oipa, ankangophika, kuchapa, kuyamwitsa, ndipo ine m'nyumba mwanga momwe ndinkayenda monyang'ama. Kenako ankhoswe a mbali zonse ndi akulu a mpingo anakhala pansi ku Kanyama. Ine anandiuza kuti ndisapite, poti pakamwa panga panali patachita kale zokwanira. Ndinatsala ndi mwana, ndikusuzumira pa msewu.

Mng'ono wanga anabwera dzuwa likupendeka kudzatenga zovala zake. Ndinamuthamangira.

«Vayenda bwanji?»

«Nibwelela ku nyumba.»

Ndinafuula, n'kumukumbatira, n'kuyamba kuthokoza Mulungu. Iye anangoima chilili, manja ali pansi.

«So bakhulupilila?» ndinafunsa. «Bamvela kuti ni ine ninalakwisa?»

Anandichotsa manja pa mapewa ake, n'kumasula mwana kumsana kwanga, n'kumubereka yekha. Anamanga chitenje pachifuwa, n'kukokanso mfundo kachiwiri.

«Banikhululukila, ba sisi,» anatero. «Pamenso pa bantu bonse, bakamba ati banikhululukila. Bankhoswe baniuza ati gwada uonge, ukambe zikomo. Nagwada. Naonga.»